Mmene Mwana Amasandutsira Malembo Kukhala Mawu

Mu 1886, mu mzinda wa Leipzig ku Germany, wophunzira wina wochokera ku America dzina lake James McKeen Cattell ankaonetsa anthu akuluakulu malembo kwa kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso, kenako n’kuwafunsa zomwe aona. Akawaonetsa malembo osakanizika opanda tanthauzo, anthuwo ankagwira anayi kapena asanu okha. Koma akawaonetsa mawu enieni, ankawerenga ngakhale mawu a malembo ambiri kuposa pamenepo. Zinkaoneka ngati munthu wodziwa kuwerenga amameza mawu onse nthawi imodzi, osayang’ana lembo lililonse.

Akatswiri a maphunziro atamva izi anafunsa funso looneka lanzeru. Ngati wamkulu amawerenga mawu athunthu, n’kumuvutitsiranji mwana ndi a, e, i, o, u? Bwanji osangomuonetsa mawu onse, pambali pake n’kuikapo chithunzi, iye n’kuloweza maonekedwe ake? Mkangano womwe unakula kuchokera pa funso limeneli watha zaka zoposa 100, makamaka m’mayiko oyankhula Chingerezi. Zomwe Cattell anaona zinali zoona ndithu. Cholakwika chinali kuganiza kuti mwana angayambire pomwe wamkulu anathera.

Njira ziwiri

Njira ya mawu athunthu inazika mizu ku America kuyambira m’ma 1930, kudzera m’mabuku a ana awiri otchedwa Dick ndi Jane. M’mabukuwa mawu ochepa ankabwerezedwa kambirimbiri mpaka mwana atawaloweza. Mu 1955 Rudolf Flesch analemba buku lokalipira njirayi, n’kunena kuti ana ambiri akulephera kuwerenga chifukwa palibe amene akuwaphunzitsa maliwu a malembo. Mu 1967 Jeanne Chall wa pa yunivesite ya Harvard anasanthula kafukufuku wa zaka pafupifupi 50 ndipo anapeza kuti ana oyamba ndi malembo ndi maliwu ake amapambana anzawo.

Chaka chomwecho Kenneth Goodman anatulutsa maganizo otsutsana nawo. Iye ankati kuwerenga ndi masewera olota mwanzeru: wowerenga amangotola zizindikiro zochepa patsamba, zotsalazo n’kuzidzaza ndi zomwe akudziwa kale za chiyankhulo ndi za nkhaniyo. Otsatira ake ankakhulupirira kuti mwana akazunguliridwa ndi mabuku okoma adzatola kuwerenga monga anatolera kuyankhula. Akakumana ndi mawu achilendo, mphunzitsi ankamuuza kuti ayang’ane chithunzi, aone lembo loyamba, aganize mawu omwe angagwirizane ndi chiganizocho. Dera la California linatenga njirayi mu 1987. Pofika 1994, pa mayeso a dziko lonse la America, ana ake a m’kalasi lachinayi anali m’gulu la otsikitsitsa, ngakhale kuti panalinso zifukwa zina monga kuchuluka kwa ana m’kalasi.

Njira inayo ndi ya foniki. Mwana amaphunzitsidwa kuti lembo lililonse, kapena gulu la malembo, likuimira liwu, ndipo amaphunzira kuphatikiza maliwuwo kuchokera kumanzere kupita kumanja mpaka mawu atatuluka. Amene anayamba sukulu ku Malawi akuimba ba, be, bi, bo, bu anadutsa mu mtundu umodzi wa njira imeneyi, woyambira pa maphatikizo.

Zomwe diso ndi khutu zimachita

Makina otsatira kayendedwe ka diso atapita patsogolo m’ma 1970, ofufuza monga Keith Rayner anatsimikiza kuti diso siliyenda mosalala pamzere. Limadumpha, n’kuima pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, n’kudumphanso. Wowerenga waluso amaima pa mawu ambiri a m’chiganizo, makamaka onyamula tanthauzo, ndipo lembo limodzi likasinthidwa diso limachedwa pamenepo. Choncho malembo onse amalowa, kungoti amalowera limodzi ndiponso mwaliwiro. Keith Stanovich ndi Richard West anapezanso chinthu chotembenuza ganizo la Goodman. Amene amadalira kwambiri nkhani kuti alote mawu ndi owerenga ofooka. Waluso amazindikira mawu asanapeze n’komwe mpata wolota, ndipo nzeru zake zonse zimatsalira pa kumvetsa zomwe akuwerenga.

Nanga n’chifukwa chiyani mwana sangazindikire yekha kuti malembo akuimira maliwu? Vuto lagona m’khutu. Munthu akatchula mawu akuti “nyumba”, maliwu ake satuluka limodzilimodzi. Amalowererana, moti chomwe khutu limamva mosavuta ndi maphatikizo awiri, nyu ndi mba. Mu 1974 Isabelle Liberman ndi anzake anapempha ana kuti azigogoda patebulo powerenga zigawo za mawu. Mwa ana a zaka zinayi, pafupifupi theka anatha kugogoda maphatikizo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatha kugogoda maliwu paokhapaokha.

Wina angaganize kuti luso limeneli limabwera ndi msinkhu. José Morais ndi anzake anayesa zimenezi mu 1979 kwa akuluakulu a kumidzi ya ku Portugal. Ankawapempha kuti achotse liwu loyamba pa mawu, monga kuchotsa “m” pa “mano” kuti patsale “ano”. Omwe sanaphunzirepo kuwerenga analephera kwambiri, pomwe anzawo a moyo wofanana amene anaphunzira atakula kale anatha. Kumva maliwu paokha si mphatso yobadwa nayo, ndipo kumakula limodzi ndi kuphunzira malembo.

Ubongo nawo umachita kusintha. Stanislas Dehaene ndi Laurent Cohen a ku France anaonetsa kuti mwa munthu wodziwa kuwerenga muli kachigawo ka ubongo, kumanzere chakumbuyo, komwe kamazolowera kuzindikira malembo n’kuwalumikiza ndi zigawo za chiyankhulo. Kachigawoka kali m’dera lozindikira zinthu ndi nkhope, lomwe silisamala kuti chinthu chayang’ana kuti. Kapu ndi kapu basi, chogwirira chake chikhale kumanja kapena kumanzere. N’chifukwa chake mwana wa Sitandade 1 amasokoneza b ndi d, kapena kulemba dzina lake chobwerera. Pa msinkhu umenewo si chizindikiro cha matenda, ndipo kulemba lembolo ndi dzanja uku akutchula liwu lake kumathandiza kuti msokonezowo uthe.

Malembo asanu ndi limodzi

Tione mmene zimayendera m’Chichewa. Tiyerekeze kuti mphunzitsi waphunzitsa malembo asanu ndi limodzi okha: a, n, i, k, u, m. Pa lembo lililonse ana amva liwu lake m’mawu omwe akuwadziwa, aliona pabolodi, alilemba m’mwamba ndi chala, kenako pansi kapena m’kope. Liwu la “m” mphunzitsi amalitchula milomo ili yotseka, mmm, osati “emu” kapena “ma”, chifukwa mwana amene waphunzira kuti lemboli ndi “ma” akaona “mu” amawerenga kuti “ma-u”.

Kenako pamabwera kuphatikiza, pomwe ana ambiri amakakamira. Mphunzitsi amaloza n, n’kukoka liwu lake osadula mpweya mpaka chala chitafika pa a: nnna. Maliwu okokeka ngati m ndi n ndi osavuta kuyambira kusiyana ndi k, yemwe amangophulika n’kutha. Maphatikizo akakhazikika, mawu amayamba kutuluka: a-na, i-ka, u-ka, ka-na, ma-na. Ndi malembo omwewa mwana angawerenge ziganizo zitatu izi: “Ana akukana.” “Ana amakana.” “Ana anakana.”

Mawu atatu omalizawa ndi aatali pafupifupi mofanana, onse akuyamba ndi a, onse akuthera ndi kana. Chithunzi cha ana akupukusa mitu chingayenere chiganizo chilichonse mwa zitatuzi. Koma choyamba chikunena za tsopano, chachiwiri za chizolowezi, chachitatu za kale, ndipo kusiyana konseku kwagona pa phatikizo limodzi lapakati. Mwana woloweza maonekedwe a mawu, kapena woyang’ana lembo loyamba ndi chithunzi, alibe pogwira. Mneni mmodzi wa Chichewa amavala maonekedwe osawerengeka: ndinamuona, sindinamuone, tidzawaona, akadationa. Palibe mwana angaloweze onsewa ngati zithunzi, koma wodziwa kuphatikiza amawerenga ngakhale omwe sanawaonepo.

Chichewa chili ndi zokhota zake zomwe zimafuna kuphunzitsidwa mwadala. Lembo la h likatsatira p, t kapena k limasonyeza kampweya kotuluka, ndipo kampweyako ndi komwe kamasiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola. Kachizindikiro kakang’ono ka pa ng’ kamasiyanitsa ng’oma yoimba ndi ngoma ya m’tchire. Magulu a malembo monga mb, nd, nkh, mph, tch ndi nkhw amafuna nthawi yawoyawo, ndipo mwana amene wathamangitsidwa pamenepa amawerenga bwino “mutu” koma n’kuima chilili pa “nkhwangwa”. Palinso mawu omwe malembo okha sangawamasule, chifukwa kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu. “Mtengo” ungakhale wa mango kapena wa sopo, ndipo chiganizo ndicho chimaweruza. Apa ndi pomwe nkhani imagwira ntchito yake yoyenera: imathandiza kusankha tanthauzo la mawu omwe mwana wawerenga kale, osati kulota mawu omwe sanawawerenge.

Kuphatikiza kumayamba mochedwa ndiponso movutikira, koma sikukhala choncho mpaka kale. David Share anafotokoza mu 1995 kuti nthawi iliyonse mwana akaphatikiza yekha mawu achilendo n’kuwatchula molondola, amasunga m’mutu kalembedwe kake kolumikizidwa ndi katchulidwe ndi tanthauzo. Akakumana nawo kangapo, amawazindikira pongowaona. Linnea Ehri anaonetsa kuti mawu odziwika pongoona amamangidwa motere, lembo ndi liwu lake, osati monga chithunzi. Zili ngati kanjira ka kudimba, komwe woyamba kudutsa amachita kupatula udzu koma pakapita masiku anthu amadutsa osayang’ana pansi. Zomwe Cattell anaona ku Leipzig zinali mapeto a ulendo umenewu.

Kuzindikira woloweza

M’kalasi la ana ambiri, loyankha pamodzi mofuula, mwana angathe chaka chonse akuoneka ngati akuwerenga. Amadziwa kuti tsamba la chithunzi cha galu limati chiyani, ndipo amalakatula bwinobwino maso ali kudenga. Zizindikiro zake zimaoneka mukamumvetsera payekha. Pomwe palembedwa “mbuzi” iye amati “mbalame” chifukwa cha chiyambi chake, kapena pomwe palembedwa “amayi” amati “mama” chifukwa cha chithunzi. Ba, be, bi, bo, bu amaimba mosadodoma, koma mukaloza “bo” payekha amayambira pa ba kuti akafike pamenepo.

Njira yachidule yomuyesera ndi kumupatsa mawu opeka, otchulika koma opanda tanthauzo, monga “nuki” kapena “kemu”. Mawu otere sangalowezedwe kapena kulotedwa, choncho amaonetsa poyera ngati mwana akudziwa kuphatikiza. Ku England, kuyambira 2012, mwana aliyense wa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi amawerengera mphunzitsi wake mawu 40, ndipo 20 mwa iwo ndi opeka. Chaka choyamba ana 58 pa 100 alionse ndiwo anafika pa mlingo wofunika. Pofika 2019 anali 82 pa 100.

Phunziro la ku Clackmannanshire

Kafukufuku yemwe anakankhira England ku njira imeneyi anachitikira ku Clackmannanshire, boma laling’ono la ku Scotland. Rhona Johnston ndi Joyce Watson anatenga ana pafupifupi 300 oyamba kumene sukulu n’kuwagawa m’magulu atatu. Gulu lina linkaphunzira maliwu mofulumira n’kuyamba kuphatikiza kuyambira masiku oyambirira. Magulu awiri enawo ankaphunzira pang’onopang’ono, poyang’ana maliwu oyamba a mawu athunthu. Onse ankaphunzira mphindi 20 patsiku kwa masabata 16. Pamapeto pake gulu lophatikiza linali patsogolo ndi miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri poyerekeza ndi zomwe zimayembekezeka pa msinkhu wawo.

Zitatero magulu enawo anaphunzitsidwanso kuphatikiza, ndipo ana onse anatsatiridwa mpaka kumaliza pulayimale. Lipoti la mu 2005 linaonetsa kuti pa kuwerenga mawu anali patsogolo ndi zaka zitatu ndi theka. Koma pa kumvetsa nkhani anali patsogolo ndi miyezi itatu ndi theka yokha. Otsutsa ananenanso kuti popeza magulu onse anadzaphunzira mofanana, panalibenso gulu loyerekezera nalo pa zaka zotsatirazo.

Kusiyana kwa zaka zitatu ndi miyezi itatuku kumasonyeza malire a foniki. Mu 1986 Philip Gough ndi William Tunmer anafotokoza kuti kumvetsa zowerenga kumachokera pa zinthu ziwiri zochulukitsana: luso losandutsa malembo kukhala mawu, ndi luso lomvetsa chiyankhulocho pochimva. Chimodzi chikakhala ziro, zotsatira zake ndi ziro. Mwana wa ku Dedza amene waphunzira kuphatikiza angatchule bwinobwino chiganizo cha Chiswahili koma osatolapo kanthu. Otsatira a Goodman sanalakwe ponena kuti ana amafunika nthano, macheza ndi mabuku okoma. Komiti ya akatswiri yomwe boma la America linakhazikitsa inanena mu 2000 kuti kuphunzitsa foniki mwadongosolo kumaposa kusaphunzitsa kapena kuphunzitsa mwa apo ndi apo, makamaka m’zaka ziwiri zoyambirira, koma inaika foniki ngati chimodzi mwa zinthu zisanu. Zinazo ndi kumva maliwu, kuwerenga mosadodoma, kudziwa mawu ambiri ndi kumvetsa nkhani.

Chiyankhulo chimasintha nkhani

Mkanganowu unatentha kwambiri m’Chingerezi chifukwa kalembedwe kake ndi kosakhulupirika. Lembo la a limamveka mosiyana m’mawu atatu awa: cat, cake, call. Chingerezi chili ndi maliwu pafupifupi 44 koma malembo 26 okha, ndipo liwu limodzi lingalembedwe m’njira zingapo. Mu 2003 Philip Seymour, Mikko Aro ndi Jane Erskine anayerekeza ana a m’ziyankhulo 13 za ku Ulaya chakumapeto kwa chaka chawo choyamba. Ana a ku Finland, Greece, Italy, Spain ndi Germany ankawerenga molondola mawu wamba oposa 90 pa 100 alionse. Ana a ku Scotland owerenga Chingerezi ankakhoza 34 okha.

Chichewa chili mbali ya ziyankhulo zosavutazo. Chili ndi malembo a liwu asanu, lililonse limamveka pafupifupi chimodzimodzi paliponse, ndipo maphatikizo ake ambiri amathera pa lembo la liwu. Komabe lipoti la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse la mu 2018 linanena kuti mu 2012, ku Malawi ndi ku Zambia, ana pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi alionse omaliza kalasi lachiwiri sankatha kuwerenga ngakhale mawu amodzi. Kalembedwe kosavuta sikaphunzitsa mwana pakokha. Kuphatikiza kumafuna kuti mwana ayesere yekha, wina amumve n’kumukonza, ndiponso akhale ndi zowerenga zolembedwa ndi malembo omwe waphunzira kale. M’kalasi la ana oposa 100 ogawana mabuku ochepa, zonsezi zimasowa. Ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga yomwe Malawi inayamba mu 2016 inaika maliwu ndi maphatikizo pakati pa phunziro la Sitandade 1, koma zotsatira zake zimadalirabe kuchuluka kwa ana, mabuku ndi nthawi yomwe mphunzitsi ali nayo.

Makolo ambiri amada nkhawa kuti kuyamba ndi Chichewa kumachedwetsa Chingerezi. M’ma 1990 Eddie Williams anayerekeza ana a m’mayiko awiriwa. Nthawi imeneyo ana a ku Malawi ankaphunzira m’Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, pomwe a ku Zambia ankaphunzira m’Chingerezi kuyambira tsiku loyamba. Iye anapeza kuti ana a ku Malawi ankawerenga Chichewa bwino kwambiri kuposa mmene anzawo a ku Zambia ankawerengera Chinyanja, pomwe pa Chingerezi magulu awiriwa sankasiyana kwenikweni. Zambia inadzasintha ndondomeko yake n’kuyamba kuphunzitsa kuwerenga m’ziyankhulo zakumaloko.

Mwana amene wagwira mfundo yoti malembo amaimira maliwu safunika kuiphunziranso akafika pa Chingerezi, ndipo malembo ngati m, n, b, d ndi s amasamuka nawo pafupifupi momwe alili. Zomwe amafunika kuphunzitsidwa mwatsopano n’zodziwika: maliwu ambiri omwe a, e, i, o, u amanyamula m’Chingerezi, mawu othera pa lembo lopanda liwu, magulu ngati th ndi ph omwe m’Chingerezi amamveka mosiyana ndi m’Chichewa, komanso matanthauzo a mawuwo, omwe amayenera kuwamva ndi kuwayankhula asanawaone papepala.